Nkhawa ndi kutoperatu mayeso omaliza a udokotala akayandikira: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera chaka chilichonse kuchokera kwa ophunzira udokotala a chaka chomaliza, makamaka kukatsala miyezi iwiri kapena itatu. Tawayankha poganizira moyo wa wophunzira wa ku Kamuzu University of Health Sciences, amene masana amakhala m'mawodi a ku Gulupu kapena ku Kamuzu Central, usiku ali pa buku. Amene mukuphunzira kwina mupezamo zanu, chifukwa thupi ndi lomweli.

Kodi nkhawa ya mayeso ndi kutoperatu ndi vuto limodzi?

Ayi, ndipo kuzisiyanitsa n'kofunika chifukwa chithandizo chake n'chosiyana.

Wankhawa amakhala kuti thupi lake lathamanga. Mtima umagunda, manja amachita thukuta, m'mimba mumabwadamuka, maganizo amangozungulira pa funso limodzi lakuti ndikalephera zidzatha bwanji. Munthu wotere mayeso amawasamala mpaka kupyola muyeso.

Wotoperatu zake n'zina. Iye moto unazima. Bungwe la World Health Organization mu 2019 linafotokoza kutoperatu ngati vuto lobwera ndi ntchito yopanikiza kwa nthawi yaitali, ndipo linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kuuma mtima pa ntchito, ndi kudziona ngati palibe chimene ukukwanitsa. Chachiwiricho ndicho ophunzira ambiri sachizindikira. Mukaona kuti gadiyani akukufunsani za mwana wake inu n'kumangomva kunyansidwa, kapena wodwala wamwalira pa wodi ndipo chimene chakukhudzani n'chakuti raundi ichedwa kutha, musafulumire kudziweruza kuti ndinu munthu woipa. Kawirikawiri chimenecho ndi chizindikiro chakuti mwatha.

Wankhawa amachira pochiyandikira chimene akuchiopa, pang'onopang'ono koma mobwerezabwereza. Wotoperatu amachira pochepetsa katundu ndi kugona. Ambiri pa nyengo ino amakhala nazo zonse ziwiri, ndipo zikatero yambani ndi tulo.

Ndidziwa bwanji kuti zanga zapitirira nkhawa wamba?

Nkhawa wamba imabwera mukaganiza za mayeso, n'kuchepa mukayamba kuwerenga kapena mukamacheza ndi anzanu. Imakukankhirani ku buku. Imene yafika poipa imakuthawitsani buku, wodi ndi anthu.

Yesani ndi muyeso womwe munaphunzira pa maphunziro a matenda a maganizo. Ngati kwa masabata 2 kapena kupitirira mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene zinkakusangalatsani sizikukomanso, mukudzuka 3 koloko usiku osagonanso, chakudya sichikulowa, ndiye kuti nkhani si mayeso okha. Kutoperatu kumapepuka mukapuma masiku awiri kutali ndi chipatala. Matenda a kukhumudwa amakutsatirani mpaka kumudzi.

Mafomu a PHQ-9 ndi GAD-7 amene mumafunsira odwala mutha kudzifunsa nawo nokha. Mukapeza 10 kapena kuposa pa iliyonse, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi. Funso lomaliza la PHQ-9, lofunsa za maganizo akuti bola kufa, mukaliyankha kuti inde ngakhale pang'ono, musadikire kuwonkhetsa: werengani yankho la funso lonena za kokapeza thandizo, lili m'munsimu. Fomuyo siyopezera matenda, ndi yongokuuzani kuti pitani.

Musaiwalenso thupi. Kuchepa magazi, chithokomiro chothamanga, malungo, chifuwa chachikulu ndi pakati zimatha kubwera ngati kutopa kapena kugunda kwa mtima. Wophunzira amene watha miyezi m'mawodi ndipo akuonda, akutuluka thukuta usiku, akutsokomola, ayezetse makhololo, asangoti ndi mayeso.

Ndikuwerenga maola 10 pa tsiku koma palibe chikukhala m'mutu. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri n'kawerengedwe. Kuwerenga tsamba kachitatu n'kulemba mizere pansi pa mawu kumapangitsa kuti tsambalo lioneke lodziwika, koma kuliona n'kulizindikira si kumodzi ndi kulitulutsa m'mutu woyesa akakuyang'anani. Nkhawa imakonda kawerengedwe kameneka chifukwa sikakuonetsani zimene simukudziwa. Tsiku limatha muli pa mpando, mtima n'kukhala m'malo pang'ono, koma mawa mwaiwala, ndipo mantha amakula.

Tembenuzani. Tsekani buku, tengani pepala loyera, lembani zonse zimene mungachite mayi woyembekezera akafika akukomoka, kuthamanga kwa magazi kuli pamwamba: kum'goneka cham'mbali, mpweya, magineziyamu salifeti magalamu 4 mu mtsempha ndi magalamu 5 thako lililonse, zimene mudzayang'anira kuti mankhwalawo sanachuluke m'thupi, ndi mankhwala obwezera akachuluka. Kenako tsegulani buku muone zimene mwasiya. Lembani zosiyidwazo ndi cholembera cha mtundu wina. Bwerezani mutu womwewo mawa, kenako pakapita masiku 3, kenako pakatha sabata. Njirayi imawawa chifukwa imakuonetsani mipata. Kuwawako ndiye kuphunzirako.

Ngati mukuchita kale zimenezi koma mutu ukukanabe, vuto ndi tulo.

Kwatsala masabata 10 ndipo ndikadali pa wodi. Nthawi ndiigawe bwanji?

Tiyeni titenge wophunzira amene ali pa wodi ya ana, amalowa m'mawa n'kutuluka cha m'ma 4 koloko, ndipo amakhala pa kolo usiku umodzi pa sabata. Ndandanda imene anadzilembera imati maola 8 a buku tsiku lililonse. Sanaikwanitsepo ngakhale tsiku limodzi, ndiye usiku uliwonse amagona ali ndi ngongole. Ndandanda yotere ndi fakitale ya nkhawa.

Ayambe ndi kuwerengera nthawi imene ilipodi. Tiziyesa ndi zigawo za mphindi 50, zotsatana ndi kupuma kwa mphindi 10. Pa tsiku la ntchito akwanitsa zigawo zitatu, chimodzi m'mamawa asanapite ku wodi, ziwiri madzulo atadya. Masiku 5 zikwana 15. Loweruka zigawo 6, Lamlungu ziwiri zokha, theka la tsikulo n'kukhala lopuma ndithu. Zonse pamodzi 23. Tichotsepo zitatu chifukwa cha kolo ndi tsiku lotsatira, zitsala 20 pa sabata. Masabata awiri omaliza ndi obwereza basi, mutu watsopano osalowamo. Ndiye ali ndi masabata 8, zigawo 160.

Nambala imeneyi imaopsa poyamba, kenako imakhazika mtima pansi, chifukwa imakakamiza kusankha. Zigawo 160 sizingamalize mabuku onse, ndipo palibe amene anawamalizapo. Alembe mitu ya maphunziro akuluakulu anayi, matenda a akulu, a ana, maopaleshoni, ndi uchembere pamodzi ndi matenda a amayi, n'kuika chizindikiro pa mutu uliwonse: ndikuudziwa, ndikuudziwa mwatheka, sindikuudziwa. Kenako afunse funso limene woyesa amakhala nalo mumtima: kodi munthu uyu ndingam'siyire wodi usiku wodwala osafa? Malungo aakulu, chibayo, kutsegula m'mimba ndi kutha madzi m'thupi, kunyentchera, chifuwa chachikulu ndi HIV, matenda oumitsa khosi, kutaya magazi pobereka, matumbo otsekeka, wovulala pa ngozi. Mutu umene uli m'gulu limeneli ndipo uli ndi chizindikiro cha sindikuudziwa ndiwo woyamba. Matenda osowa amene munawaona kamodzi m'buku adikire, ndipo ena sadzafikiridwa n'komwe.

Pa zigawo 20 za pa sabata, zosachepera 5 zikhale zoyeserera ndi pakamwa ndi manja, pamaso pa munthu wina. Loweruka lililonse asiye zigawo ziwiri zopanda mutu, zolipirira zimene zasokonekera mkati mwa sabata, poti magetsi adzazima, maliro adzagwa, kolo idzakhala yoopsa. Ndandanda yopanda mpata imasweka sabata yoyamba.

Ndipo maola a pa wodi asawaone ngati nthawi yobedwa. Mwana mmodzi wotupa ndi kwashiyoko amene wam'yeza yekha n'kum'fotokoza kwa rejisitira ndi wopambana masamba 20. Logibuku isainidwe pano, osati sabata yomaliza, pamene kusaka siginecha kumadya masiku athunthu.

Kuchezera usiku wonse n'kulakwa ngakhale nthawi itachepa chonchi?

N'kulakwa, ndipo apa sitinyengerera. Zimene mwawerenga masana ubongo umazikhazika muli m'tulo. Mukachotsa maola awiri a tulo kuti muwerenge, mwalipira ndi zimene munawerenga kale. Munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza mofanana ndi amene wamwako mowa, ndipo choipa n'chakuti iye mwini sadziwa. Kusowa tulo kumakulitsanso mantha tsiku lotsatira.

Pezani maola 7 kapena kuposa. Chofunika kwambiri ndi nthawi yodzukira, ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, Lamlungu lomwe. Mukachoka pa kolo, gonani mphindi 90 kapena maola awiri m'mawa, mudzuke, madzulo mugone msanga. Mukagona tsiku lonse, usiku wotsatira wawonongeka. Ngati mwazolowera kuwerenga mpaka 3 koloko usiku, yambani kubweza nthawi yogona ndi mphindi 30 masiku awiri alionse kukadali masabata awiri, kuti m'mawa wa mayeso mutu udzakhale utadzuka.

Ndikagona tulo sitibwera, mutu umangowerengera zimene sindinawerenge. Nditani?

Musalimbane nato. Mukaona kuti papita mphindi ngati 20, dzukani, khalani pa mpando pa kuwala kochepa, chitani chinthu chokhazika mtima pansi mpaka maso alemere, ndiye mubwerere. Osati notsi, osatinso foni. Cholinga n'chakuti ubongo usazolowere kuti bedi ndi malo odandaulira. Pa chifukwa chomwechi musamawerengere pabedi, ngakhale tikudziwa kuti m'chipinda cha ku hositelo malo ndi ochepa. Ngati palibe tebulo, khalani pansi n'kutsamira khoma.

Madzulo, ola limodzi musanagone, tengani mphindi 10 kulemba zonse zimene zikukuvutitsani, chilichonse n'chochita chake choyamba pambali: sindikudziwa kuwerenga ECG, Lachitatu ndidzatenga zitatu ku wodi n'kukhala ndi mnzanga. Ganizolo likabwera usiku, muli ndi poliyankha kuti lalembedwa kale.

Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu ndimwe zochuluka bwanji?

Malire a munthu wamkulu wathanzi ndi mamiligalamu 400 a kafini pa tsiku, koma wankhawa amayamba kunjenjemera asanafike pamenepo. Kapu ya khofi wosungunula imakhala ndi mamiligalamu 60 mpaka 80, kachitini ka mamililita 250 ka chakumwa chopatsa mphamvu pafupifupi 80, ndipo mabotolo aakulu amaposa apo. Theka la kafini limatenga maola ngati 5 kuti lichoke m'magazi, ndiye khofi wa 6 koloko madzulo theka lake likadali m'thupi 11 koloko usiku. Womaliza akhale wa nthawi ya nkhomaliro. Ngati mumamwa wambiri, chepetsani pang'onopang'ono, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa mutu waukulu kwa masiku angapo. Ndipo khofi si chakudya: kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera kwa 11 koloko m'mawa nthawi zambiri ndi njala ya munthu amene sanadye phala.

Ndimadziwa zinthu, koma pa OSCE kapena pamaso pa woyesa mutu umangoima. Pali chochita?

Chilipo, ndipo chimaphunzirika. Mantha akakwera, malo ochepa amene ubongo umagwiritsa ntchito posanja maganizo amadzadza ndi mawu akuti akundiyang'ana, nthawi ikutha, ndalephera. Chidziwitso sichinafufutike, njira yokachitengera ndiyo yatsekeka. Chimene chimapulumuka pa nthawi imeneyo ndi chimene pakamwa ndi manja zinazolowera mpaka kuchita zokha.

N'chifukwa chake masekondi 30 oyamba a siteshoni muziwaloweza ngati nyimbo. Kusamba m'manja, moni, kutchula dzina lanu, kutsimikiza dzina la wodwala, kupempha chilolezo. Pamene mukunena zimenezi mutu umapeza mpata wobwerera.

Tiyerekeze siteshoni ikuti mwana wa zaka 3, wolemera makilogalamu 12, wabwera akutentha thupi ndipo akukomoka. Mwaima, m'mutu muli zii. Musasake dzina la matenda. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono kamodzi, pondani pansi mwamphamvu, n'kunena mokweza kuti mwana uyu ndi wa mwadzidzidzi, ndiitana thandizo, ndiyamba ndi njira ya mpweya. Mwakwera makwerero a ETAT amene munawayenda kambirimbiri. Njira ya mpweya ikufikitsani pa kupuma, kupuma pa kayendedwe ka magazi, kenako chikomokere ndi kukomoka, ndipo pofika apo pakamwa panena pokha kuti ndiyeza shuga. Blantyre Coma Score ibwera. Malungo aakulu abwera, pamodzi ndi atesuneti wa mamiligalamu 3 pa kilogalamu poti mwanayo sanafike makilogalamu 20, kutanthauza mamiligalamu 36. Mulingo wina ukakuthawani, nenani poyera kuti ndiutsimikiza m'buku la malangizo ndisanapereke. Woyesa angakuchotsereni pang'ono, koma yankho limenelo ndi la dokotala wosapha anthu. Nambala yongopeka ndiyo imagwetsa.

Poyeserera khalani atatu: woyesedwa, wodwala, ndi woyesa wokhala ndi wotchi ndi pepala la malikisi. Woyesayo asamwetulire, asathandize, nthawi ikatha adule pakati pa chiganizo. Kamodzi pa sabata pemphani rejisitira kapena dokotala amene mumamuopa pang'ono kuti akumvereni mukufotokoza wodwala. Ulendo woyamba mawu adzanjenjemera, wachisanu adzachepa. Kuyeserera ndi mnzanu wapamtima yekha, mukuseka, sikuphunzitsa thupi kupirira mantha.

Belu likalira, siteshoni yapitayo yatha. Ophunzira ambiri sagwa ndi siteshoni imene analakwitsa, amagwa ndi ziwiri zotsatira zimene anazichita maganizo ali m'mbuyo.

Mtima unathamanga, mpweya kubanika, zala kuchita dzanzi, ndinkaona ngati ndikufa. Chinali chiyani?

Zikufanana ndi mantha ogwa mwadzidzidzi. Amafika pachimake mkati mwa mphindi 10 n'kuyamba kutsika okha. Dzanzi la m'zala ndi pa milomo mumalidziwa gwero lake: kupuma mofulumira kumatulutsa mpweya woipa wambiri, asidi wa m'magazi n'kuchepa, kashiyamu woyenda momasuka n'kutsika. Ndiye mankhwala ake si kukoka mpweya wambiri koma kuchedwetsa. Kokerani m'mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi zitatu kapena zisanu. Zopumira m'pepala zisiyeni. Njirayi muiyeserere kawiri pa tsiku muli bwinobwino, apo ayi pa tsiku la vuto simudzaikumbukira.

Ngati ndi koyamba, kapena munakomoka, kapena chifuwa chimapweteka mukamayenda, kapena muli ndi mphumu, kapimitseni. Zikamabwerezabwereza mpaka kuyamba kupewa laibulale kapena wodi, n'zochizika ndipo musazisunge.

Anzanga akumwa puropuranololo, ena dayazepamu. Ndimweko?

Musadzilembere mankhwala, ndipo musatenge a pa wodi. Kupatula ngozi ya pa thupi, ndi mlandu umene ungakutsekereni ntchito musanaiyambe.

Puropuranololo amachepetsa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima, koma maganizo a mantha sawakhudza. Kwa wa mphumu angatseke chifuwa, ndipo kwa amene mtima wake umagunda pang'onopang'ono kale kapena magazi amathamanga motsika angam'gwetse pansi. Dokotala akakulemberani, muyambe mwawayesa tsiku wamba, osati kuwalawa koyamba m'mawa wa mayeso.

Dayazepamu ndiye ayi. Amalepheretsa ubongo kusunga zatsopano, amakhala m'thupi kupitirira tsiku lathunthu, ndipo amazolowereka msanga. Mowa ndi chamba n'chimodzimodzi: zimagonetsa msanga koma tulo take n'tosapumitsa, ndipo nkhawa ya m'mawa imabwera yokulirapo.

Mankhwala a kukhumudwa ngati fuluwokisetini amathandiza amene akudwaladi, koma amatenga masabata 2 mpaka 6 kuti agwire, ndipo masiku oyamba nkhawa imatha kukwera. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chopitira kwa dokotala kukadali miyezi iwiri, osati masiku asanu.

Kunyumba onse akundiitana kale kuti adokotala. Ndiwauze chiyani?

Katundu uyu ndi weniweni, makamaka kwa amene ndinu woyamba pa banja kufika apa, ndipo fizi inachokera m'thumba la amalume kapena m'fodya wa bambo. Sankhani munthu mmodzi wa kubanja amene amamva zinthu, mumuuze zoona, kuti mayeso ndi ovuta ndipo mukuchita mantha. Mum'pemphe akhale mlonda wanu: nkhani za ndalama, za odwala ofuna malangizo pa foni ndi za milandu ya pamudzi zizifikira kwa iye mpaka mayeso atathe. Ikani tsiku limodzi pa sabata loimba foni kunyumba. Makolo ambiri akauzidwa mwaulemu kuti amayi, ndiziimba Lamlungu madzulo, amamvetsa kuposa mmene timawaganizira.

Gulu la kalasi la pa WhatsApp nalonso lichepetseni. Mphekesera za woyesa wakuti amagwetsa anthu sizinawonjezerepo munthu malikisi.

Thandizo ndikalipeza kuti, ndipo sizidzandiwonongera mbiri?

Yambani ndi kiliniki ya ophunzira, mlangizi wa pasukulu, kapena ofesi ya mkulu woona za ophunzira. Ngati mukuopa kuonedwa ndi amene adzakuyeseni, nenani zimenezo poyamba, mupemphe dokotala wina kapena chipatala china. A St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo zipatala zazikulu zili ndi makiliniki a matenda a maganizo. Chinsinsi cha wodwala chimakutetezani inunso. Chimene chimawononga mbiri ndi kujomba ku wodi osanena, kubera mayeso kapena kufika mutaledzera, zomwe ndi zipatso za vuto losiyidwa.

Simuli nokha pa zimenezi. Kafukufuku wamkulu wa mu 2016, wophatikiza maiko oposa 40, anapeza kuti ophunzira udokotala 27 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za kukhumudwa, ndipo 11 pa 100 anaganizapo zodzipha.

Maganizo ofuna kudzipha ndi a mwadzidzidzi ngati kutaya magazi. Uzani munthu lero, pitani ku chipatala lero. Ngati ndi mnzanu amene wayamba kudzitsekera, kugawa katundu wake, kapena kunena kuti ndikalephera simudzandionanso, m'funseni mosazungulira: kodi ukuganiza zodzipha? Kufunsa sikum'patsa ganizolo. Akavomera, musam'siye yekha, chotsani mankhwala ndi china chilichonse choopsa m'chipinda, mupite naye limodzi. Musalonjeze kusunga chinsinsi chimenechi.

Ndi liti pamene kuli bwino kupempha kuti ndisalembe mayeso ulendo uno?

Mantha okha si chifukwa, ndipo kuthawa mayeso chifukwa cha mantha kumawakulitsa ulendo wotsatira. Koma ngati mukudwala kwenikweni, simukutha kugona, kudya kapena kumvetsa tsamba limodzi kwa masabata angapo, mwafedwa posachedwa, kapena dokotala wanu wanena kuti simuli bwino, kambiranani ndi akuluakulu a sukulu. Chitani zimenezi mayeso asanayambe, polemba kalata, ndi chikalata cha kuchipatala. Kudandaula zotsatira zitatuluka n'kovuta kwambiri. Werengani nokha malamulo a mayeso a chaka chanu pa nkhani ya sapu ndi kubwereza, musadalire zimene akunena anzanu m'khonde.

Tsiku lomaliza ndichite chiyani?

Bwerezani mapepala anu achidule a matenda a mwadzidzidzi ndi milingo ya mankhwala, mutseke buku dzuwa likamalowa. Longedzani chiphaso, zolembera, sitetosikopu, tochi, kanyundo ndi wotchi. Idyani chakudya chimene mimba yanu inazolowera. Tulo tikavuta usiku umenewo musade nkhawa, usiku umodzi woipa sugwetsa munthu amene wakhala akugona bwino sabata yonse. M'mawa idyani, fikani kukadali mphindi 30, ndipo muime patali ndi kagulu kamene kakufunsana mafunso pakhomo.